Mafunso ndi mayankho: kulemba ndime ya dipoziti m'mawu omveka kwa ochita lendi ku Joni

Amalawi ambiri amene amachita lendi ku Rosettenville, Turffontein, Yeoville, Mayfair ndi madera ena a Joni amasaina pangano la nyumba atangoona zinthu ziwiri: lendi ndi tsiku lolowa. Zina zonse amadzaziwerenga tsiku lotuluka, pamene dipoziti ikuvuta kubwera. Tsamba lino likuyankha mafunso a anthu amene akufuna kulemba ndime yovuta ya panganolo m'mawu oti mbale, mnansi kapena mnzawo wa kutchalitchi amve. Ndatenga ndime imodzi yokha, ya dipoziti, kuti tiitsate mpaka kumapeto.

Bwanji mwasankha ndime ya dipoziti, osati ina?

Chifukwa ndi pamene ndalama za anthu zimatayikira kwambiri, komanso ndi ndime imene lamulo la dziko lino lanenapo zinthu zogwirika. Lamulo lotchedwa Rental Housing Act, nambala 50 la chaka cha 1999, m'gawo 5, limatchula masiku enieni obwezera dipoziti, limanena za chiwongoladzanja, za malisiti ndi za kuyendera nyumba. Choncho polemba ndimeyi mophweka tili ndi poyezera. Munthu akaphunzira pa ndime iyi, njira yomweyo adzaigwiritsa ntchito pa ndime ya notisi kapena ya kukonza zowonongeka.

Kodi ndime yovutayo imaoneka bwanji?

Mapangano ambiri kuno amalembedwa m'Chingerezi. Pansipa ndayala chitsanzo m'Chichewa, koma ndasunga dala kapangidwe kake monga momwe maloya amakalukira: chiganizo chimodzi chachitali chopanda popumira. Si ndime ya kampani ina yake. Ndasonkhanitsa mfundo zimene zimapezekapezeka m'mapangano otere.

"Posaganizira china chilichonse chotsutsana ndi izi cholembedwa m'pangano lino, Wobwereka adzapereka kwa Wobwereketsa, pa tsiku losaina kapena lisanafike, dipoziti yofanana ndi lendi ya mwezi umodzi, imene Wobwereketsa adzaisunga popanda chiwongoladzanja ndipo adzakhala ndi ufulu, monga aonera iye yekha, woigwiritsa ntchito yonse kapena mbali yake kulipirira ngongole iliyonse ya Wobwereka yochokera kulikonse, kuphatikizapo, koma osati zokhazi, lendi yotsalira, madzi, magetsi, makiyi ndi kubwezeretsa malowo mmene analili pa tsiku lolowa, kupatula kutha kwa zinthu kobwera ndi kuzigwiritsa ntchito moyenera, ndipo yotsala, ngati ilipo, idzabwezedwa pasanathe masiku 60 kuchokera pa tsiku lotuluka, komabe Wobwereka sadzakhala ndi ufulu pa nthawi iliyonse wowerengera dipozitiyo ngati lendi ya mwezi womaliza kapena wina uliwonse, ndipo Wobwereketsa akagwiritsa ntchito mbali yake pangano lisanathe, Wobwereka adzaibwezeretsa pasanathe masiku 7 atauzidwa polemba."

Mawu onsewa ndi a Chichewa, koma werengerani munthu mokweza muone ngati akuuzani zimene wamva. Apa pakuoneka kuti vuto si Chingerezi chokha. Kumasulira mawu ndi mawu kumangosamutsa mdima kuchoka m'chinenero china kupita m'china. Chimene chikulemetsa ndimeyi ndi chakuti nkhani zisanu ndi ziwiri zamangidwa pamodzi, ndipo zimene zikupweteka wochita lendi zaikidwa pakati, pamene maso amakhala atatopa kale.

Ndiyambire pati?

Musayambe ndi kulemba. Yambani ndi kumasula, ngati mtolo wa nkhuni: dulani luzi, yalani nkhuni iliyonse payokha, muziwerenge, kuti pomanganso mudziwe ngati ina yasowa.

Tengani pensulo, mulembe mzere pansi pa mneni aliyense amene akulamula, kuloleza kapena kuletsa. M'chitsanzo chathu ndi awa: adzapereka, adzaisunga, adzakhala ndi ufulu woigwiritsa ntchito, idzabwezedwa, sadzakhala ndi ufulu, adzaibwezeretsa. Ndi asanu ndi mmodzi. Wonjezani mawu oti "kupatula", amene si mneni wolamula koma akuchotsa kanthu m'manja mwa landilodi, ndipo mfundo zakwana zisanu ndi ziwiri. Lembani nambala imeneyi pakona pa pepala. Mukamaliza kulemba mophweka, mfundo zanu zisachepere pamenepo.

Kenaka mfundo iliyonse muifunse mafunso anayi: akuchita ndani, akuchita chiyani, liti, ndipo akapanda kuchita chichitike n'chiyani? Funso loyambalo limaoneka lachibwana koma limavumbula zambiri. Taonani mawu oti "idzabwezedwa". Abweze ndani? Ndimeyo sikunena. Ngati nyumba ili m'manja mwa ejenti, wochita lendi adzapita kwa ejenti, ejenti adzamulozera kwa mwini nyumba, mwini nyumba adzati ndalama ili kwa ejenti. Polemba mophweka simungathawe funso limeneli, chifukwa chiganizo chachifupi chimafuna mwini wake. Mukapeza kuti pangano silikuyankha, musalote yankho. Lembani kuti "pangano silikunena amene abweze", ndipo likhale funso lokafunsa musanasaine.

Chomaliza, sanjani mfundozo motsatira nthawi imene munthu adzakumane nazo: polowa, muli m'nyumba, potuluka. Loya anaika kumapeto nkhani yoti wochita lendi abwezeretse mbali ya dipoziti imene landilodi watengapo, koma imachitika pangano lili mkati, choncho malo ake ndi pakati.

Ndi mawu ati amene sayenera kutayika pofupikitsa?

Apa ndi pamene anthu a mtima wabwino amalakwitsa. Munthu amawerenga ndime yonse ija n'kuuza mnzake kuti, "Akungonena kuti mupereke dipoziti, adzakubwezerani mukamatuluka ngati simunaononge kanthu." Mawuwa ndi omveka, koma ataya mfundo zisanu, ndipo zina mwa zotayikazo ndi zimene zidzamudye ndalama.

Mawu oyamba osunga ndi "kupatula". M'ndime yonseyi, chiganizo chokhacho chimene chili kumbali ya wochita lendi ndi chija chonena za kutha kwa zinthu kobwera ndi kuzigwiritsa ntchito moyenera. Mukachisiya, mwalanda mnzanu chishango chake. Ndipo musangochikopera, chifukwa munthu sangadziwe malire ake popanda zitsanzo. Penti wofwifwa ndi dzuwa, kapeti woperepeseka podutsa anthu, mpopi wodontha chifukwa kalabala kake katha: uku ndi kukalamba kwa nyumba, ndipo wochita lendi salipira. Galasi la windo losweka, chitseko chothyoka, kapeti wopsa ndi ayironi: uku ndi kuononga, ndipo alipira.

Achiwiri ndi "kuphatikizapo, koma osati zokhazi". Mukalemba kuti landilodi angadule lendi, madzi, magetsi, makiyi ndi zokonza, n'kulekera pomwepo, mwatseka mndandanda umene pangano lausiya wotsekula. Wowerenga adzaganiza kuti palibenso china. Lembani poyera kuti izi ndi zitsanzo chabe, ndipo ngongole ina iliyonse yochokera kulikonse ingadulidwenso.

Achitatu ndi aja otsegulira, "posaganizira china chilichonse chotsutsana ndi izi". Ambiri amawadumpha ngati malonje. Tanthauzo lake ndi lakuti ndime iyi ikakangana ndi ndime ina ya pangano lomweli, yopambana ndi iyi. Koma onetsetsani malire ake: ikugonjetsa ndime zinzake za m'pangano, osati lamulo la dziko.

Samalaninso kusiyana kwa "ayenera" ndi "angathe". Landilodi angathe kudula. Sizikutanthauza kuti adzadula nthawi zonse. Wochita lendi ayenera kubwezeretsa. Sizikutanthauza kuti asankha yekha. Ndipo masiku musawasandutse "sabata imodzi" kapena "miyezi iwiri" musanaone kutsogolo kwa pangano, pamene amatanthauzira mawu. Mapangano ena akati "tsiku" amanena tsiku la ntchito lokha, kuchotsa Loweruka, Lamulungu ndi maholide. Masiku 60 a pa kalendala ndi pafupifupi miyezi iwiri, koma masiku 60 a ntchito ndi masabata 12 kapena kupitirirapo.

Tsono ikalembedwa mophweka imamveka bwanji?

Tiyerekeze kuti ndi fulati ya ku Rosettenville, lendi ndi R4 500 pamwezi, ndipo pangano likuti "tsiku" ndi la pa kalendala. M'malo mwa "Wobwereka" tilemba "inu", m'malo mwa "Wobwereketsa" tilemba "landilodi", ndipo m'malo mwa "yofanana ndi lendi ya mwezi umodzi" tilemba ndalama yeniyeni.

Polowa

1. Mupereke dipoziti ya R4 500 pa tsiku losaina kapena lisanafike.
2. Landilodi adzasunga ndalamayi. Pangano likuti sadzakupatsani chiwongoladzanja chake.

Muli m'nyumba

3. Simuloledwa kunena kuti dipoziti ikhale lendi ya mwezi uliwonse, ngakhale womaliza. Lendi ya mwezi womaliza mulipire monga mwa nthawi zonse.
4. Landilodi akatengapo ndalama pangano lisanathe, adzakulemberani, ndipo mubwezeretse imene watengayo pasanathe masiku 7.

Potuluka

5. Landilodi angathe kudula pa dipoziti ngongole iliyonse imene muli nayo kwa iye. Zitsanzo ndi lendi yotsalira, madzi, magetsi, makiyi otayika ndi kukonza zimene mwaononga, koma pangakhale zinanso. Pangano likuti adzagamula yekha zoti adule.
6. Sangadule ndalama pa zinthu zimene zangotha ndi kugwiritsidwa ntchito bwinobwino, monga penti wofwifwa.
7. Yotsala idzabwezedwa pasanathe masiku 60 mutatuluka. Pangano silikunena amene abweze.

Ndime iyi ikasemphana ndi ndime ina ya pangano lino, itsatidwa ndi iyi.

Onani kuti sizinafupike kwenikweni. Kuphweka si kuchepa kwa mawu. Chasintha ndi chakuti mzere uliwonse uli ndi nkhani imodzi, ndipo munthu angathe kuika chala pa nambala 7 n'kufunsa kuti, "Masiku 60 onsewa, n'zololedwa?"

Mfundo zina zikuoneka zosemphana ndi lamulo. Ndizikonze polemba?

Ayi, musazikonze mwakachetechete. Ili ndi funso limene ndimalitenga kukhala lalikulu pa onse. Mukaona masiku 60 n'kulemba masiku 14 chifukwa mukudziwa kuti lamulo likutero, pepala lanu lasiya kunena zimene zili m'pangano. Mnzanu adzasaina akuganiza kuti iye ndi landilodi agwirizana masiku 14, pamene landilodi akuwerenga 60. Mkangano umene ukanatha pokambirana asanasaine mwausungira tsiku lotuluka, pamene ndalama ili kale m'thumba la wina.

Chitani chonchi: gawani pepala pawiri. Kumanzere lembani zimene pangano likunena, mokhulupirika, ngakhale zikhale zowawa. Kumanja lembani zimene lamulo likunena, pa mizere yokhayo imene pali kusiyana. M'chitsanzo chathu mizere yake ndi itatu.

Pa nambala 2, lamulo likuti landilodi aike dipoziti mu akaunti ya kubanki yobala chiwongoladzanja, chosachepera cha akaunti yosungira ndalama ya pabankipo, ndipo chiwongoladzanjacho ndi cha wochita lendi. Muli ndi ufulu wopempha umboni wolembedwa wa chiwongoladzanjacho pangano lili mkati. Ngati dipoziti ikusungidwa ndi ejenti wolembetsedwa, pali malamulo ena a maejenti amene amalowapo, choncho funsani msanga kuti ili mu akaunti ya ndani ndipo chiwongoladzanja chikupita kuti.

Pa nambala 5, landilodi angaduledi ngongole za m'pangano, koma pa zokonza lamulo likunena za mtengo woyenera, ndipo malisiti a zimene walipira ayenera kukhalapo kuti muwaone. Mawu oti "monga aonera iye yekha" samupatsa mphamvu yotchula nambala ya m'mutu.

Pa nambala 7, lamulo lili ndi nthawi zitatu. Ngati mulibe ngongole ndipo palibe chodula, dipoziti yonse ndi chiwongoladzanja zibwezedwe pasanathe masiku 7 pangano litatha. Ngati pali zodula, yotsala ibwezedwe pasanathe masiku 14 mutabweza nyumba kwa landilodi. Ngati landilodi anakuitanani kudzayendera nyumba inu osayankha, ali ndi masiku 21 pangano litatha. Ndipo gawo 5 lomwelo likunena kuti mfundo zimenezi zimawerengedwa kuti zili m'pangano lililonse la lendi, ndipo wochita lendi kapena landilodi sangazikane. Ndiye kuti ngakhale munasaina pansi pa masiku 60, siginecha yanu sinafafanize masiku 14.

Tionetseni ndi ndalama zenizeni, kusiyana kwake kumafika pati?

Tipitirize ndi fulati ija. Pangano likutha pa 30 Juni, ndipo mayi amene amakhalamo abweza makiyi tsiku lomwelo. Iwo ndi landilodi anayendera nyumba pa 28 Juni. Tiyerekeze kuti pepala la kubanki likuonetsa chiwongoladzanja cha R180, choncho ndalama yonse ndi R4 680.

Landilodi akufuna kudula zinayi: galasi la windo limene mwana anaswa, R650; kiyi wa geti wotayika, R120; bilu ya madzi yotsalira, R310; ndi kupentanso chipinda chochezera, R2 000. Powerenga ndime yake yokha, iye ayambira pa R4 500, popanda chiwongoladzanja, achotsa R3 080, kutsala R1 420, ndipo aona kuti ali ndi nthawi mpaka pa 29 Ogasiti.

Tsono mayiwa atenge pepala lawo la mizere isanu ndi iwiri. Zitatu zoyambazo palibe chokana: galasi linasweka, kiyi anatayika, madzi anagwiritsa ntchito. Pamodzi ndi R1 080, bola malisiti aoneke. Penti ndiye agwera pa nambala 6. Ngati khoma langofwifwa, popanda mabowo kapena zolembalemba, ndalamayo si yawo kulipira. Apa sakufunika n'komwe kutchula lamulo, chifukwa pangano la landilodi yemweyo ndi limene lapatula zimenezi. Kuchotsa R1 080 pa R4 680 kutsala R3 600, ndipo tsiku lomaliza ndi 14 Julaye. Powerenga masiku a m'lamulo, tsiku loyamba siliwerengedwa, lomaliza limawerengedwa, ndipo lomalizalo likagwera Lamulungu kapena holide nthawi imafika tsiku lotsatira.

Kusiyana kwa R1 420 ndi R3 600 ndi R2 180, ndi masabata oposa asanu ndi limodzi odikira. Kwa munthu amene akufunika dipoziti ya nyumba yatsopano mwezi womwewo, kudikirako kumapweteka mofanana ndi kudulidwako.

Koma khoma likanakhala ndi mabowo akuluakulu a mashelefu kapena mwaye wa mbaula, nkhani ikanatembenuka, ndipo pepala lophweka silikanawapulumutsa. Ntchito yake ndi kuonetsa pamene pali mkangano weniweni, osati kupambanitsa wochita lendi nthawi zonse.

Ndimeyo sikunena za kuyendera nyumba. Ndiwonjezere?

Wonjezerani, koma kumanja kwa pepala, pansi pa mutu woti "Zimene pangano silinatchule koma lamulo likunena". Pa zonse zimene wochita lendi ayenera kudziwa za dipoziti, iyi ndi imene imagamula milandu yambiri.

Lamulo likufuna kuti inu ndi landilodi muyendere nyumba limodzi musanalowe, kuti muone zowonongeka zimene zilipo kale, ndipo mndandanda wake umangirizidwe ku pangano. Likufunanso kuti landilodi akonze zoti muyenderenso limodzi m'masiku atatu pangano lisanathe. Landilodi akapanda kuyendera nyumba inu mulipo, lamulo limatenga kuti wavomereza kuti nyumba ili bwino, ndipo dipoziti ndi chiwongoladzanja zibwezedwe zonse. Koma inu mukaitanidwa n'kusayankha, iye ali ndi masiku 7 pangano litatha oti ayendere yekha, ndipo adzadula zokonza inu kulibe.

Choncho pa pepala lophweka lembani zochita, osati ufulu wokha. Mwachitsanzo: "Tsiku loyendera jambulani chipinda chilichonse pafoni, ndi mita ya madzi ndi ya magetsi. Lembani matailosi osweka, loko wovuta, giza wodontha. Nonse awiri musaine, aliyense atenge pepala lake." Ndiponso: "Kutatsala masabata awiri kuti mutuluke, lemberani landilodi uthenga wopempha tsiku loyendera, ndipo uthengawo musaufufute." Anthu ambiri amasamuka usiku wa tsiku lomaliza la mwezi, bakiyo ikudikira panja, n'kusiya makiyi kwa mlonda. Akatero amasowa umboni wa mmene anaisiyira nyumba ndi wa tsiku limene anaibweza.

Kodi pepala lophwekali, makamaka la Chichewa, lili ndi mphamvu pa mlandu?

Palokha ayi. Chimene chikumanga anthu awiriwa ndi pangano limene anasaina, pamodzi ndi lamulo. Pepala lanu ndi lothandiza kumva, ndipo ndi bwino kulemba pamwamba pake kuti, "Uku ndi kufotokoza kwa ndime yakutiyakuti, si pangano." Lembaninso nambala ya ndime ya Chingerezi pambali pa mzere uliwonse, kuti pokambirana ndi landilodi munthu aloze pa pepala limene landilodiyo akulidziwa.

Ngati landilodi wavomera kusintha, kuvomera kwa pakamwa kapena kugwedeza mutu sikukwanira. Mapangano ambiri ali ndi ndime chakumapeto yonena kuti kusintha kulikonse kulembedwe ndi kusainidwa ndi mbali zonse ziwiri. Ngati simunasaine, njira yachidule ndi kukhwatcha mawu akalewo pa pangano lenilenilo, kulemba atsopano pambali, nonse n'kusaina pomwepo. Ngati munasaina kale, palembedwe pepala lowonjezera, m'chinenero cha panganolo, lonena ndime imene ikuchotsedwa ndi mawu amene akulowa m'malo mwake. Pewani kukhala ndi mapepala awiri osainidwa, la Chingerezi ndi la Chichewa, popanda chiganizo chonena limene litsatidwe akasiyana.

Kodi landilodi sakakamizidwa kulemba zomveka kuyambira pachiyambi?

Ambiri amakakamizidwa. Lamulo la Consumer Protection Act, nambala 68 la chaka cha 2008, m'gawo 22, limafuna mawu ophweka ndi omveka. Muyezo wake si loya. Ndi munthu wamba wa gulu limene pepalalo lalembedwera, wodziwa kuwerenga mwapakatikati, wosazolowera kwambiri nkhanizo, amene ayenera kumva tanthauzo popanda kuvutika kopitirira. Gawo 49 likuwonjezera kuti mfundo zochepetsa udindo wa wogulitsa kapena zosenzetsa wogula chiopsezo zionetsedwe poyera munthu asanalowe m'pangano, osati kubisidwa.

Malire ake ndi awiri. Lamuloli limagwira amene amachititsa lendi monga bizinesi yake, monga makampani a mafulati a ku Hillbrow ndi Berea kapena munthu amene lendi ndi malonda ake a nthawi zonse. Ndipo kulemba kovuta sikukupatsani chilolezo choleka kulipira lendi kapena chonena nokha kuti pangano lafa. Chimene gawo 22 limakupatsani ndi poimira popempha kuti, "Bambo, ndime iyi tiilembe mwa njira yoti tonse tiimve." Landilodi wanzeru savutika nazo, chifukwa wochita lendi amene wamva nambala 3 sadzamudabwitsa ndi kukana lendi ya mwezi womaliza.

Ndingadziwe bwanji kuti ndalemba bwino?

Yesani kawiri, ndipo mayeso awiriwa amagwira zolakwa zosiyana.

Oyamba ndi obwerera m'mbuyo. Ikani ndime yakale pambali pa yatsopano, mutsate mawu ndi mawu, kukhwatcha chilichonse chimene chapeza malo. Chotsala chosakhwatcha ndi chimene mwataya. Kenaka chitani motembenuza: chilichonse chili kumanzere kwa pepala lanu chimene simungachiloze m'ndime yakale ndi chimene mwawonjezera nokha, ndipo chichoke kapena chisamukire kumanja.

Achiwiri ndi a munthu. Perekani pepala kwa wina amene sanaone panganolo, makamaka wongofika kumene kuchokera kumudzi. Musamufunse kuti "Mwamva?", chifukwa mwa ulemu wathu adzati wamva. Mufunseni nkhani. "Achimwene, mwezi womaliza ndalama yavuta. Mungauze landilodi kuti atenge dipoziti?" "Mwatuluka pa 30 Juni, galasi munaswa. Ndalama muiyembekezere pofika liti?" "Akuti alipiritsa penti. Muyang'ana nambala iti?" Akayankha molakwa, vuto lili pa pepala, ndipo mzere umene wamusocheretsawo ulembedwenso. Kawirikawiri mudzapeza kuti mwasintha dzina la chinthu pakati pa njira, pena "dipoziti", pena "chikole", pena "ndalama yosungitsa", wowerenga n'kuganiza kuti ndi ndalama zitatu. Sankhani liwu limodzi mulisunge mpaka pansi.

Ine ndimakhala m'chipinda cha kuseri kwa nyumba, palibe pepala lililonse. Zimenezi zikundikhudza?

Zikukukhudzani. Rental Housing Act imawerengera chipinda, galaja, nyumba ya kuseri ngakhale chisakasa cha malata ngati malo okhala, bola mukulipira lendi. Pangano la pakamwa ndi pangano ndithu, ndipo mfundo za dipoziti za m'gawo 5 zilimo ngakhale palibe anazitchula. Mukapempha kuti lilembedwe, landilodi ayenera kulilemba, ndipo ayenera kukupatsani lisiti pa ndalama iliyonse imene mwapereka. Apa muli ndi mwayi umene a m'mafulati alibe: palibe ndime yovuta yomasula, choncho mungayambe ndi mizere yophweka ija, mutaikamo kale masiku ndi chiwongoladzanja monga lamulo likunenera.

Landilodi akaumirira pa masiku 60 ndi kudula kwake, ndipite kuti?

Yambani ndi kalata yaifupi m'Chingerezi, yotchula ndalama ya dipoziti, tsiku limene munabweza makiyi, zimene mukuvomera kudulidwa, zimene mukukana ndi chifukwa chake, ndi tsiku limene lamulo likuti mulandire. Masamu aja a R3 600 ndiwo mtima wa kalatayo. Sungani kope lake.

Zikakanika, kadandauleni ku Gauteng Rental Housing Tribunal, bungwe la boma la chigawo chino loona mikangano ya alandilodi ndi ochita lendi. Kudandaula n'kwaulere ndipo simufunika loya. Nthawi zambiri amayamba ndi kuyanjanitsa mbali ziwirizo, zikalephera nkhani imakamvedwa, ndipo chigamulo chake chimatengedwa ngati cha khoti la majisitireti. Tengani pangano losainidwa, lisiti la dipoziti kapena umboni wa kubanki, mndandanda wa tsiku lolowa ndi wa tsiku lotuluka, zithunzi ndi mauthenga a pafoni. Pepala lanu lophweka litengeninso, osati ngati umboni, koma kuti pofotokoza nkhani mutsate nambala zake ndi kuloza ndime ya Chingerezi imene mzere uliwonse wachokera.